Phunziro lachinayi: Kuwala kosunthira kofiira ndi liwiro la milalang'amba

Kosi ya Loweruka ya sayansi ya zakuthambo, kalasi ya ku Katoto, Mzuzu. Mubwere ndi kakyuleta, rula, cholembera ndi mphira ya chubu cha njinga yotalika masentimita 30.

Sabata yatha tinaona kuti kuwala kukadutsa mu pulizimu kumamwazika kukhala mitundu ya utawaleza, ndipo tinati mndandanda wa mitunduwo umatchedwa sipekitiramu. Lero tigwiritsa ntchito sipekitiramu yomweyo poyeza liwiro la chinthu chimene palibe munthu adzapondeko phazi. Masamu ake ndi a Fomu 2, kuchotsera, kugawa ndi kuchulukitsa basi.

Mizere ya haidirojeni

Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo mtundu wake umadalira utali wa funde limodzi. Utaliwu timauyeza m'mananomita (nm). Mu milimita imodzi muli mananomita 1,000,000. Maso athu amaona kuyambira pafupifupi 400 nm, komwe kuli mtundu wa vayoleti ndi wa buluu, kukafika pafupifupi 700 nm, komwe kuli kufiira. Kupitirira apo kuli infuraredi, kumene diso silikuona.

Mu 1814 Joseph Fraunhofer, katswiri wopanga magalasi wa ku Germany, anayang'anitsitsa sipekitiramu ya dzuwa napezamo mizere yakuda yambirimbiri. Pambuyo pake zinadziwika kuti mpweya uliwonse umameza kapena kutulutsa kuwala pa malo akeake. Haidirojeni, yemwe ndiye wochuluka kuposa china chilichonse m'chilengedwe, ali ndi mzere wofiira pa 656.3 nm ndi wina wobiriwira mopita ku buluu pa 486.1 nm. Mukayeza mu labu ku Mzuzu kuno kapena ku Tokyo, manambala ake ndi omwewa. Aloweni pamtima, tiwagwiritsa ntchito mpaka kosi ithe.

Tikayeza kuwala kochokera ku mlalang'amba wakutali, mizere ija imapezeka ndithu, yondondozana monga mwa masiku onse, koma yonse yasendera kumbali ya mafunde aatali, kumbali yofiira. Ndikupempheni kuti mumvetse bwino apa, chifukwa ambiri amaphonya pa mayeso. Sitikunena kuti mlalang'ambawo umaoneka wofiira ukauyang'ana. Nyenyezi zina ndi zofiira chifukwa sizotentha kwambiri, ndipo dzuwa limafiira madzulo chifukwa cha mpweya ndi fumbi. Zimenezo ndi nkhani zina. Umboni wathu ndi malo a mizere, osati maonekedwe a chinthucho.

N'chifukwa chiyani mizere imasuntha?

Mukaima m'mbali mwa msewu wa M1 ambulansi ikuthamangira ku chipatala chachikulu, kulira kwake kumamveka kokwera ikamabwera, kenaka kumatsika ikangokudutsani. Dalaivala samva kusintha kulikonse. Ikamabwera, funde lililonse limatulukira pafupi ndi inu kuposa linzake lapitalo, choncho mafunde amathithikana. Ikamapita amatalikirana. Christian Doppler wa ku Austria anafotokoza zimenezi mu 1842, ndipo zimachitikanso ndi kuwala. Chinthu chobwera kwa ife mizere yake imasunthira ku buluu, chopita kutali imasunthira kofiira.

Kukula kwa kusunthako timakulemba ndi chilembo z:

```
z = (λ − λ₀) / λ₀
```

Pano λ₀ ndi utali wa funde woyezedwa mu labu, ndipo λ ndi umene telesikopu yapeza. Popeza tikugawa nanomita ndi nanomita, z ndi nambala chabe, ilibe muyezo. Ubwino wake ndi wakuti mizere yonse ya mlalang'amba umodzi imapereka z yofanana. Ngati mzere wofiira ukupatsani z ina ndipo wa buluu ina, ndiye kuti mwasokoneza mizere, yambiraninso.

Pamene z ili yaing'ono, liwiro limapezeka motere:

```
v = c × z
```

Chilembo c ndi liwiro la kuwala, makilomita 299,792 pa sekondi, koma m'kalasi muno tizingoti 300,000.

Chitsanzo chowerengera limodzi

Titenge gulu la milalang'amba lotchedwa Coma, lomwe lili ndi milalang'amba yoposa 1,000. Tiyerekeze kuti pa umodzi mwa iyo mzere wofiira wa haidirojeni wapezeka pa 671.4 nm.

```
λ − λ₀ = 671.4 − 656.3 = 15.1 nm
z = 15.1 / 656.3 = 0.023
v = 300,000 × 0.023 = 6,900 km/s
```

Makilomita 6,900 pa sekondi imodzi. Kuchoka ku Mzuzu kupita ku Lilongwe ndi makilomita osafika 400, ndiye pa liwiro limeneli mutha kupita ndi kubwerako kasanu ndi katatu sekondi isanathe. Koma taonani kuchepa kwa kusunthako: mananomita 15 okha, mzere udakali m'dera lofiira lomwelo.

Amene anayamba kuyeza

Vesto Slipher, wa ku Lowell Observatory m'chigawo cha Arizona ku America, anayeza mlalang'amba wa Andromeda mu 1912 ndipo anapeza kuti ukubwera kwa ife pa makilomita pafupifupi 300 pa sekondi. Atayeza ina, yambiri inapezeka kuti ikupita kutali, ina pa liwiro loposa makilomita 1,000 pa sekondi. Nthawi imeneyo kuti apeze sipekitiramu imodzi ankasiya chojambulira chili chotsegula kwa maola ambiri, mwina mausiku angapo. Ine ndimaona kuti mabuku a sukulu samupatsa Slipher ulemu womuyenera, poti manambala a liwiro amene ena anatchuka nawo ambiri anali ake.

Chimene chinkasowa ndi mtunda. Njira yake inachokera kwa Henrietta Leavitt wa ku Harvard, amene anapeza kuti pali nyenyezi zina zomwe kuwala kwake kumakwera ndi kutsika mobwerezabwereza, ndipo zotenga nthawi yaitali ndizo zowala kwambiri. Ukadziwa kuwala kwenikweni kwa nyenyezi n'kuyerekeza ndi mmene ikuonekera kuno, mtunda umadziwika. Mu 1927 wansembe wa Chikatolika wa ku Belgium, Georges Lemaître, analemba kuti chilengedwe chikufutukuka ndipo liwiro liyenera kukula molingana ndi mtunda. Mu 1929 Edwin Hubble, pogwiritsa ntchito telesikopu ya mainchesi 100 ya pa phiri la Wilson ku California, anasonyeza zimenezo ndi milalang'amba 24. Lamulo lake ndi ili:

```
v = H₀ × d
```

Mtunda d umayezedwa m'mamegapaseki (Mpc). Megapaseki imodzi ndi mtunda umene kuwala kumayenda zaka 3.26 miliyoni. H₀ ndi nambala yotiuza liwiro limene limaonjezereka pa megapaseki iliyonse. Hubble anapeza H₀ ya pafupifupi 500, yomwe inali yaikulu mopitirira chifukwa mitunda yake inali yochepa kuposa yeniyeni. Masiku ano njira ina imapereka pafupifupi 67 ndipo ina pafupifupi 73, ndipo akatswiri akadakanganabe za kusiyanaku. Ife tizigwiritsa ntchito makilomita 70 pa sekondi pa megapaseki iliyonse.

Tibwerere ku Coma:

```
d = v / H₀ = 6,900 / 70 ≈ 99 Mpc
```

Mukachulukitsa ndi 3.26 miliyoni mupeza kuti kuwalako kwayenda zaka pafupifupi 320 miliyoni.

Kodi ndife apakati?

Funso limeneli limabwera nthawi zonse: ngati yonse ikutithawa, si ndiye kuti ife tili pakati pa chilengedwe? Tulutsani mphira zija. Lembani timadontho tinayi, A, B, C ndi D, totalikirana masentimita 5. Mnzanu agwire mbali ina, mukoke mpaka mpata uliwonse ufike masentimita 10. Kuchokera pa A, dontho B latalikirako masentimita 5, C masentimita 10, D masentimita 15, zonse m'nthawi imodzi. Lakutali ndilo lathamanga kwambiri, monga lamulo la Hubble likunenera. Tsopano yezani kuchokera pa C. Mupeza zomwezo, ndipo C nayenso angaganize kuti ndiye wapakati.

Onaninso kuti palibe dontho limene layenda pamwamba pa mphira. Mphirayo ndiyo yatamuka. N'chimodzimodzi ndi milalang'amba yakutali: danga la pakati pawo ndilo likukula, ndipo funde la kuwala limatamuka nalo lili pa ulendo. Choncho chitsanzo cha ambulansi chimatithandiza poyambira, koma sichinena zonse. Tanthauzo lolondola ndi lakuti 1 + z imatiuza kuti chilengedwe chafutukuka kangati chichokereni kuwalako kwawo.

Nanga Andromeda bwanji ikubwera? Ili pafupi, pa mtunda wa zaka za kuwala 2.5 miliyoni, ndipo mphamvu yokokana pakati pa iyo ndi mlalang'amba wathu imaposa kufutukukako. Kuno ku Mzuzu mutha kuiona ndi maso m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, cha kumpoto, usiku wopanda mwezi ndi mitambo, mukatalikirana ndi magetsi a m'tauni. Imaoneka ngati kachifunga kakang'ono.

Pamene v = cz imalekera

Fomulayi ndi yoyerekeza chabe. Imagwira bwino z ikakhala pansi pa 0.1. Mu 1963 Maarten Schmidt anazindikira kuti mizere yachilendo ya chinthu chotchedwa 3C 273 inali ya haidirojeni wamba, yosuntha ndi z ya 0.158. Apo fomula imapereka pafupifupi makilomita 47,000 pa sekondi, ndipo yayamba kale kuphonya pang'ono. Telesikopu ya James Webb, yomwe inatumizidwa m'mlengalenga pa 25 Disembala 2021, yapeza milalang'amba ya z yoposa 14. Kuchulukitsa 14 ndi c n'kunena kuti mwapeza liwiro ndi kulakwa. Zikafika pamenepo pamafunika masamu a Einstein, amene sali m'kosi ino. Chomwe mungathe kunena molimba mtima n'chakuti mafunde atalika kuwirikiza ka 15, ndipo n'chifukwa chake telesikopuyo inapangidwa kuti iziona infuraredi: kuwala kumene kunanyamuka kuli kooneka ndi maso kumafika kuno kutatuluka kale m'dera limene diso limaona.

Ntchito ya kunyumba

1. Mzere wa 486.1 nm wapezeka pa 491.0 nm. Pezani z, liwiro ndi mtunda m'mamegapaseki. Kenaka nenani pamene mzere wa 656.3 nm ungapezeke pa mlalang'amba womwewo.
2. Andromeda ikubwera pa makilomita 300 pa sekondi. Kodi z yake ndi chiyani, ndipo mzere wa 656.3 nm upezeka pati? Samalani ndi chizindikiro chochotsera.
3. Mlalang'amba wina uli ndi z ya 2. Mzere wa 656.3 nm ufika pa utali wanji, ndipo diso lingauone? Fotokozani m'mawu anuanu chifukwa chake simungagwiritse ntchito v = cz.
4. Jambulani girafu ya zimene munayeza pa mphira, mtunda woyamba m'munsi, kutalikirako m'mbali, poyezera pa A kenaka pa C.

Muonetse njira yonse, yankho lokha sindichonga. Mupereke Loweruka likudzali kalasi isanayambe 9 koloko, ndipo amene alibe kakyuleta agwire ntchito awiriawiri koma aliyense alembe m'kope lake.