Mapoto a Mayi Nasibeko

Lachisanu cha m'ma 8 koloko usiku, foni ya Tadala inalira ku Rosettenville. Woimbayo anali munthu amene anapatsidwa ntchito yophika pa ukwati wa Tadalayo. Kwawo magetsi anazima Lachinayi, ndipo nkhuku zonse zimene anathira kale zokometsera zinali zitayamba fungo mufiriji. Mawa lake 1 koloko masana, anthu 150 ankayenera kudya pa holo ina ku Turffontein.

Tadala analira. Malume ake, omwenso anali ankhoswe, anaimbira Mayi Nasibeko a ku Yeoville, amene amaphikira Amalawi a ku Joni pa zinkhoswe ndi pa maliro.

"Mayi, tagwira mwendo wanu. Mwana wathu achita manyazi mawa."

"Anthu angati, bambo? Paholopo madzi alipo? Mundipatse mwanayo." Tadala atatenga foni, iwo anati, "Pukuta misozi, mwana wanga. Koma zakudya zisanu ndi ziwiri zija uiwale. Tiphika mpunga, nkhuku, nyama ya ng'ombe, kabichi ndi nsima ya akuluakulu. Saladi wa mayonezi ayi, kunja kukutentha, angatsegule anthu m'mimba."

Anawerengera pomwepo: mpunga makilogalamu 15, nyama makilogalamu 20, nkhuku 40 zoduladula pasanu ndi patatu, mafuta malita 20, ufa makilogalamu 10 ndi masilinda awiri a gasi. Za magetsi sanafune kuzimva n'komwe.

Nkhuku zinapezeka usiku womwewo, koma zouma gwa ndi ayezi. Mlongo wake wa mkwati anafuna kuzithira madzi otentha. Mayi Nasibeko anamugwira dzanja. "Zikatero kunja kumafewa n'kuyamba kuwonongeka, mkati mukadali ayezi, ndiye pokazinga zimatuluka magazi pafupa." Anaziviika m'mabafa a madzi ozizira, n'kumasintha madziwo theka la ola lililonse.

Kusanache, anyamata awiri anathamangira ku msika wa City Deep kukagula kabichi 12, thumba la anyezi ndi mabokosi awiri a tomato. Nyama inatsogola pamoto 6 koloko chifukwa imafuna maola atatu. Mpunga sanauthire m'poto imodzi, chifukwa ukachuluka umapserera pansi pamwamba pakadali pawisi. Anaugawa m'mapoto atatu, makilogalamu asanu asanu, ndipo madzi atauma anachepetsa moto n'kuvundikira kuti upse ndi nthunzi. Nsima anaisiya komaliza kuti ifike yotentha.

Akwati atatuluka m'tchalitchi, mapoto anali atafika kale paholo, atakutidwa ndi mabulangeti. Amayi anayi ankagawira okha, aliyense nthuli ziwiri za nkhuku, chifukwa anthu akamadzitengera oyamba amadzaza mbale omaliza n'kupeza msuzi wokha. Anadya onse, ngakhale anthu 10 amene anangobwera osaitanidwa.

Pa pelekanipelekani, Tadala anachoka pampando wake, n'kukakoka Mayi Nasibeko kukhitchini, epuloni ili m'chiuno. Anagwada, anawagwiritsa lichero, ndipo holo yonse inanyamuka kukawafupa.