Kwa ophunzira anga a masitazi: za zimango ziwiri za m'chaputala 2

Okondedwa nonse anayi,

Ndamaliza kuwerenga machaputala achiwiri amene munanditumizira. Ndinayamba kulemba ndemanga m'mbali mwa mapepala, koma nditafika pa munthu wachitatu ndinaona kuti ndikungobwereza mawu omwewo, ndiye ndati bwanji ndingolemba kalata imodzi. Atatu mwa inu mwaika timitu tiwiri, thiyoretiko fulemuweki ndi konseputiwo fulemuweki, koma zimene zili pansi pake n'zofanana, kungoti kwinako mwakongoletsako ndi mabokosi ndi mivi. Wachinayi walemba kamutu kamodzi n'kungokhala chete pa kenako, mwina poganiza kuti sindiona. Ndaona.

Kuti tisamalume lilime, m'kalata ino choyambacho ndizichitchula kuti chimango cha thiyore, chachiwiricho chimango cha malingaliro.

Chimango cha thiyore n'chobwereka. Akatswiri ena anafotokoza kale chifukwa chimene chinthu china chimachitikira, ena anayesa mafotokozedwe awowo, ena anawatsutsa, ndipo inu mukubwera kudzati, ine vuto langali ndiliyang'ana kudzera m'mafotokozedwe awa, pa zifukwa izi. Chimango cha malingaliro n'chanuchanu. Chimasonyeza zinthu zenizeni zimene kafukufuku wanu akaunike, ndi mmene mukuganizira kuti zikugwirizanirana. Miles ndi Huberman anafotokoza kuti chimango chimenechi chikhoza kukhala chithunzi kapena mawu, bola chionetse zinthu zikuluzikulu zoti zifufuzidwe ndi ubale umene ukuganiziridwa pakati pake. Mawu oti "ukuganiziridwa" musawadumphe. Simunapezebe kanthu, mukungonena zimene mukuyembekezera.

Mnzanu amene akufufuza chifukwa chimene anthu apantchito ophunzira madzulo amasiyira digiri panjira wandilola kuti ntchito yake ikhale chitsanzo. Zikomo mayi, ndipo pepani kuti ndikukuchapirani pagulu.

Mu chaputala chawo alemba za Maslow masamba awiri, za Bandura masamba awiri, za Tinto masamba atatu. Ndime iliyonse ikuyamba ndi chaka chimene thiyoreyo inatulukira n'kutha popanda kutchula ngakhale kamodzi wophunzira wamadzulo. Nditaphimba masamba asanu ndi awiriwo ndi dzanja n'kupitiriza kuwerenga chaputala 3, palibe chimene chinandisowa. Mayeso ake ndi amenewo. Thiyore imene mukhoza kuichotsa mafunso anu osasintha, njira zanu osasintha, ndiye kuti sikugwira ntchito ina iliyonse, yangobwera kudzadzaza masamba.

Nanga kumanga kwake n'kotani? Muyambe ndi funso lanu, osati ndi dzina la katswiri. Funso la mayiwa ndi lakuti, n'chiyani chimachititsa munthu wapantchito kusiya maphunziro amadzulo asanamalize? Ndiye mufufuze kuti amene anayesapo kuyankha funso lofanana nalo anadalira mafotokozedwe ati. Pa nkhani yosiya sukulu ya ukachenjede simungamuzembe Vincent Tinto. Mu 1975 iye anafotokoza kuti wophunzira amafika ndi mbiri yake, ndi cholinga chomaliza, ndi mtima wokonda sukulu imene wasankhayo. Zikatero, kukhala kapena kuchoka kumadalira mmene walowerera m'magawo awiri, moyo wa maphunziro ndi moyo wocheza ndi anzake pasukulupo. Ganizo la kulowerera limeneli analitenga kwa Émile Durkheim, amene mu 1897 anafotokoza kuti kudzipha kumachuluka pamene anthu sali omangika bwino ku gulu lawo.

Mpaka apa mayiwa analemba bwino. Chimene sanachite n'kufunsa kuti Tinto ankaganizira wophunzira wotani. Mafotokozedwe ake amakwana bwino pa wachinyamata amene wachoka kwawo n'kukagonera pasukulu. Koma munthu wa zaka 35 amene amaweruka kuntchito, kuthamangira kalasi, n'kubwerera kwa ana usiku, moyo wocheza wa pasukulu aupeza nthawi yanji? John Bean ndi Barbara Metzner anaona zimenezi, ndipo mu 1985 anatulutsa mafotokozedwe okhudza ophunzira achikulire, oyendera ndi ophunzira mwa apo ndi apo. Iwo anati kwa anthu otere kucheza pasukulu kulibe mphamvu kwenikweni. Zolemera zili kunja kwa mpanda wa sukulu: ndalama, maola a ntchito, udindo wa pabanja, chilimbikitso cha anthu owazungulira. Ananenanso chinthu china chimene ine chimandisangalatsa kwambiri, chakuti zakunja zikakhala bwino zimatha kumusunga munthu ngakhale za m'kalasi zikuvuta, koma za m'kalasi zikhale bwino chotani, sizimusunga munthu amene zakunja zamupanikiza.

Mwaona tsopano chimene chimango cha thiyore chiyenera kukhala? Ndi mtsutso umene muupereka mpaka pogamula. Mufotokoze Tinto mwachidule, munene pamene akuperewera pa anthu anu, musankhe Bean ndi Metzner, munene chifukwa chake, kenako muvomere poyera kuti nawonso anaganizira ophunzira a ku America, choncho pali zina zimene sangakuonetseni. Maslow ndi Bandura apume kaye. Thiyore imodzi yoimvetsa bwino imakwanira pa masitazi. Ziwiri n'zotheka ngati yachiwiriyo ikufotokoza chimene yoyambayo yalephera, ndipo mutsimikize kuti sizikutsutsana pa maziko ake. Ndipo chonde, kawerengeni zimene mwini wake analemba. Mmodzi wa inu wanamizira thiyore ina mfundo imene mulibemo, ndipo ndikudziwa kuti anaitola m'dizeteshoni ya munthu wina amene nayenso anaitola kwina.

Tsopano chimango cha malingaliro, kumene kuli ntchito yambiri.

Musayambe ndi kompyuta. Tengani pepala ndi pensulo, mulembe kudzanja lamanja chinthu chimene mukufuna kuchifotokoza. Kwa mayiwa ndi kusiya maphunziro. Pomwepo funso likubwera: kusiya n'kutani? Amene wapuma semesita imodzi n'kubweranso wasiya? Nanga amene wasamukira ku sukulu ina? Tinagwirizana kuti kwa iwo wosiya ndi amene sanalembetse masemesita awiri otsatizana ndipo sanapemphe kalata yosamukira. Wina akhoza kutanthauzira mosiyana, palibe mlandu, bola tanthauzolo lilembedwe ndipo lisasinthe pofika chaputala 4.

Kumanzere mulembe zonse zimene mukuganiza kuti zimachititsa chinthucho. Zina zichokera ku thiyore yanu, zina ku kafukufuku wa ena amene mwawerenga, zina ku zimene mwaona ndi maso anu. Apa m'pamene zimango ziwirizi zimasiyanirana kwenikweni. Mayiwa anandiuza kuti anzawo ambiri amavutika osati chifukwa cha kuchuluka kwa maola a ntchito kokha, koma chifukwa ndandanda ya mashifiti imasintha mosadziwitsa, munthu n'kuphonya mayeso a pakati pa semesita. Mfundo imeneyi ndi yawo, ndipo malo ake ndi m'chimango cha malingaliro. Angoyenera kunena kumene yachokera.

Mukatero muyambe kufufuta. Chithunzi chawo choyamba chinali ndi mabokosi 14 ndi mivi 23, ndinachita kuwerenga. Muvi uliwonse ndi ngongole. Mukajambula muvi kuchoka pa bokosi ili kupita pa ilo, mwalonjeza kuti mukatolera umboni wake, mukauunika, ndipo mudzatiuza zimene mwapeza. Mivi 23 pa miyezi imene yakutsalirani simungaibweze. Titakhala pansi tinatsala ndi izi: maola a ntchito, kusinthasintha kwa mashifiti ndi udindo wa pabanja zikuloza ku nthawi imene munthu amapeza yowerenga. Nthawi yowerenga ikuloza ku maganizo ofuna kusiya, ndipo maganizowo akuloza ku kusiya kwenikweniko. Chithandizo cha abwana kuntchito tinachiika pamwamba, muvi wake ukutsikira pa muvi wina, osati pa bokosi.

Pamenepa ambiri mumasokoneza, choncho ndifotokoze pang'ono. Nthawi yowerenga ndi mkhalapakati. Ntchito siimuchotsa munthu pasukulu mwachindunji, imayamba yamudyera nthawi, ndipo kusowa kwa nthawiko n'kumene kumamufooketsa. Chithandizo cha abwana sichili panjira imeneyi. Icho chimangokuza kapena kuchepetsa mphamvu ya ubalewo: anthu awiri akhoza kugwira maola ofanana, koma amene abwana ake amamulola kuweruka msanga tsiku la mayeso savulala mofanana ndi mnzake. Choyambacho m'mabuku muchipeza ngati mediyeta, chachiwiricho modareta, ndipo amene anazisiyanitsa momveka ndi Baron ndi Kenny mu 1986. Kaunikidwe kake n'kosiyananso, ndiye mukasokoneza pa chithunzi mudzasokonezanso pa masamu.

Chithunzi chisaime chokha. Pansi pake pakhale ndime zofotokoza bokosi lililonse, tanthauzo lake m'kafukufuku wanu, mmene mukaliyezere, ndi chifukwa chimene muvi uliwonse walozera kumene walozerako. Ine pa vaiva yanga woyesa wina anaika chala pa muvi umodzi n'kundifunsa kuti funso lake lili pati pa kweshoneya. Ndinatembenuza mapepala mpaka thukuta, funsolo kunalibe. Muviwo ndinaujambula chifukwa bokosilo linkaoneka losungulumwa.

Inu awiri amene mukuchita kafukufuku wocheza ndi anthu mozama, musadzikakamize kujambula mivi ya choyambitsa ndi chotsatira ngati anzanu a manambala. Chimango chanu chikhoza kukhala ndime zingapo zonena mfundo zimene zikutsogolereni pofunsa, ndipo n'chololedwa kusintha mukamva zimene anthu akunena. Musunge chakale ndi chatsopano, kusinthako kudzakhala gawo la zimene mwapeza. Mmodzi wa inu anandiuza kuti safuna thiyore chifukwa akutsata njira ya Glaser ndi Strauss ya mu 1967, yomanga thiyore kuchokera mu zimene watolera. Njirayo ilipodi, koma ili ndi malamulo ake okhwima, si pothawira kuwerenga. Tidzakambirana patokha.

Mudzakumananso ndi mabuku amene amagwiritsa ntchito mayina awiriwa ngati chinthu chimodzi, ndi ena amene amati chimango cha malingaliro ndiye chachikulu, thiyore ili m'kati mwake. Akatswiri sanamvane pa nkhaniyi, ndipo si inu amene muwayanjanitse. Tsatirani kabuku ka malangizo ka dipatimenti yathu, kamene kamafuna zonse ziwiri, cha thiyore poyamba, ndipo mu ndime yoyamba munene mmene inuyo mukugwiritsira ntchito mayinawo.

Tikumana Lachisanu 2 koloko masana mu ofesi mwanga. Aliyense abweretse mapepala awiri okha. Loyamba likhale ndi funso lanu pamwamba, thiyore imene mwasankha, imodzi imene mwaikana, ndi zifukwa zake. Lachiwiri likhale ndi chithunzi chojambula pamanja, ndipo pa muvi uliwonse mulembe nambala ya funso la kafukufuku limene muviwo ukuyankha. Chaputala chonsecho musachikonze kaye mpaka titaonana. Mubwere ndi pensulo ndi labala.

Ndine woyang'anira kafukufuku wanu.