Yankho pa chidziwitso chofuna kutichotsera chilolezo chosalipira msonkho

Kopaletivi ya alimi a thonje ndi chitowe,
Ngabu, Chikwawa.
14 Ogasiti 2023

Kwa Mkulu wa bungwe lotolera misonkho la MRA,
Msonkho House, Blantyre.

Bwana,

Kalata yanu tailandira, ndipo tinaiwerenga pamsonkhano wa mamembala Loweruka lapitali. Mwatchula zifukwa ziwiri: kuti sitinapereke malipoti a chuma a 2021 ndi 2022 pa nthawi yake, komanso kuti tikuchita malonda ndi anthu omwe si mamembala.

Zochedwazo tikuvomera. Namondwe wa Ana atafika mu Januwale 2022, madzi analowa m'nkhokwe yathu momwenso munali ofesi. Mabuku a ndalama ndi malisiti zinasanduka phala. Mlembi wathu anayamba kulemba mabuku atsopano potolera timapepala tomwe mlimi aliyense amalandira akapimitsa thonje pasikelo, mudzi ndi mudzi, panjinga yakapalasa. Ntchito ili pakati, namondwe wa Freddy naye anabwera mu Malichi chaka chino, ndipo mamembala ambiri anakhala miyezi m'misasa. Munthu amene akugona m'kalasi yapasukulu simungamufunse lisiti. Komabe tinayenera kukulemberani nthawi yomweyo, ndipo pamenepo tinalakwa. Pano mabuku a 2021 atha, ndipo tawatumiza limodzi ndi kalatayi. A 2022 ali m'manja mwa wofufuza mabuku a chuma.

Pa nkhani yachiwiri tikupempha kuti muonenso. Thonje ndi chitowe timagula kwa mamembala okhaokha, ndipo kaundula wa maina awo taikamonso. Chomwe anthu akunja amagwiritsa ntchito ndi chigayo. Mayi akabwera ndi mapira kapena mchewere pamutu, dzuwa la kuno likuswa mtengo, sitingamubweze chifukwa alibe sheya. Ndalama za chigayo zili ndi buku lakelake, ndipo zambiri zimathera ku dizilo ndi kukonza makina. Ngati malamulo akufuna kuti zotsalazo zidulidwe msonkho, tiuzeni kuchuluka kwake, tilipira. Koma chigayo chisaphetse chilolezo cha kopaletivi yonse.

Tinalembetsa kwa mkulu woona za makopaletivi, ndipo zotsala pa malonda a mbewu zimagwiritsidwa ntchito monga msonkhano wapachaka wagwirizanira: kugula mbewu ndi mankhwala opopera thonje, zomwe mamembala amatenga pangongole n'kubweza akakolola. Msonkho ukalowa pamenepo, ndalama zogulira mbewu Disembala asanafike ziperewera.

Choncho tikupempha kuti mutipatse masiku 60 oti timalize lipoti la 2022, ndipo chilolezo chisachotsedwe nkhaniyi isanamveke mbali zonse. Ngati n'kotheka mutitumizire ofisala adzaone yekha mabuku ndi nkhokwe. Chizindikiro cha pomwe madzi analekezera chikadalipo pakhoma. Apo ayi, ine ndi msungichuma tikwera ku Blantyre tsiku lomwe mungatiuze.

Ine wanu,
Wapampando, m'malo mwa komiti ndi mamembala onse

Kope: Mkulu woona za makopaletivi, Bwanamkubwa wa boma la Chikwawa