Lipoti la maphunziro la teremu yachiwiri

Okondedwa amalume,

Ndikukulemberani kuchokera kuno ku Nkhotakota kuti ndikudziwitseni mmene ndakhozera mayeso a teremu yachiwiri mu Fomu 3. Ndakhala nambala 6 mwa ophunzira 54, ndipo ndapeza 78 pa masamu, 71 pa Chichewa ndi 69 pa bayoloje. Chingerezi chokha ndicho chandivuta, pakuti ndapeza 48, makamaka chifukwa buku limodzi timabwerekana anthu asanu, choncho mpata wowerenga umachepa.

Fizi ya teremu ino munalipira yonse, ndipo ndikuthokoza kwambiri. Chimene ndikupempha tsopano ndi buku la Chingerezi, makope 10 ndi nyali ya sola, poti kunyumba kulibe magetsi pamene mayeso a MSCE chaka chamawa akuyandikira. Yunifolomu yachepa ndithu, koma ingathe kudikira.

Ine mphwanu,
Chisomo