Kalata yokumbutsa za lendi ya Meyi ndi Juni

9 Juni 2025

Kwa Bambo okhala m'nyumba nambala 4,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi mayi a kunyumba komanso ana. Ine ndili bwino.

Ndalemba kalatayi pofuna kukukumbutsani za lendi ya nyumba yomwe mukukhalamo. Pofika lero, lendi ya mwezi wa Meyi ndi ya mwezi wa Juni sinandifike. Malinga ndi pangano lomwe tinasainirana pa 1 Malichi 2022, lendi imayenera kulipiridwa pasanadutse pa 5 mwezi uliwonse. Choncho ya Meyi yachedwa ndi masiku 35, ndipo ya Juni tsiku lake ladutsa Lachinayi lapitali. Ndalama yomaliza yomwe ndinalandira kwa inu ndi ya Epulo, yomwe munalipira pa 4 Epulo, ndipo lisiti yake ndinakupatsani tsiku lomwelo. Ndayang'ana kawiri m'buku langa la malisiti, ndayang'ananso mauthenga a ndalama pa foni komanso ku akaunti ya kubanki, koma sindinapeze kanthu kochokera kwa inu chidutsireni tsiku limenelo. Ngati munatumiza ndalama koma ine sindinaione, chonde ndionetseni umboni wake. Munthu amatha kuphonya, ndipo ndikapezeka kuti wolakwa ndine, ndikonza buku langa n'kukupepesani.

Ndisabise, Bambo, kalata iyi ndailemba movutikira. Mwakhala m'nyumba imeneyi zaka zitatu ndi miyezi itatu, ndipo kufikira mwezi wathawu sindinayambe ndagogodapo pakhomo panu chifukwa cha lendi. Miyezi yambiri munkalipira tsiku lisanakwane. Ulendo umodzi wokha womwe munachedwa, chaka chatha, munandiimbira nokha kudakali masiku atatu, n'kundiuza kuti malipiro anu achedwa ndipo mudzalipira pa 12. Pa 12 pomwepo munalipiradi. Nyumba mumaisamala, pabwalo pamakhala posesedwa, ndipo anzanu oyandikana nanu sanabwerepo kwa ine ndi dandaulo lililonse lokhudza banja lanu. Zonsezi ndimazikumbukira, n'chifukwa chake ndayamba ndi kalata yokumbutsa osati notisi.

Chomwe chikundipweteka kuposa ndalamayo ndi kukhala chete kwanu. Pa 8 Meyi ndinakutumizirani uthenga pa foni, ndipo pa 10 Meyi munayankha kuti mulipira sabata yotsatira. Ndinadikira sabata imeneyo, ndinadikiranso ina. Pa 22 Meyi madzulo ndinafika pakhomo panu, ndinapeza mayi, ndipo anandilandira mwaulemu n'kundiuza kuti simunaweruke. Sindinafune kuwauza zambiri pamaso pa ana, ndinangowapempha kuti mukafika mundiimbire. Simunaimbe. Lachisanu pa 6 Juni ndinakuimbirani kawiri, foni inalira mpaka kuduka, ndipo mpaka lero simunandibwezere.

Sindikudziwa chomwe chachitika, ndipo sindikufuna kumvera za m'maluwa. Mwina ntchito yasokonekera, mwina pali matenda, mwina pagwa vuto lina kumbali ya abale lomwe lakudyerani ndalama zonse. Zoterezi zimagwera aliyense, inenso zinandigwerapo, ndipo ndikudziwa manyazi omwe munthu amakhala nawo akaona nambala ya yemwe ali naye ngongole ikuwala pa foni. Koma akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine sindingathe kukuthandizani pa vuto lomwe simunandiuze. Mukanabwera kumayambiriro kwa Meyi n'kunena kuti zinthu zavuta, bwenzi titakhala pansi kalekale, ndipo bwenzi lero tikukamba za mwezi umodzi, osati iwiri. Simukuyenera kundifotokozera zinsinsi za m'banja mwanu. Chomwe ndikufuna kumva n'chakuti mungathe kulipira zingati, komanso liti.

Ndikuuzeninso mbali yanga, kuti musaone ngati ndalama imeneyi imangofikira kusungidwa. Nyumbayi ndinaimanga ndi ngongole, ndipo ngongoleyo ndimabweza mwezi ndi mwezi. Amene anandikongoza sadikira kuti lendi ibwere kaye. Tsiku likakwana amadula, ndipo ndikachedwa amawonjezera chiwongoladzanja. Miyezi iwiriyi ndalipira kuchokera ku ndalama yomwe ndinasungira sukulu fizi ya mwana wanga. Komanso mukukumbukira kuti mu Febuluwale, paipi ya kubafa itaphulika, pulambala anafika tsiku lomwelo, ndipo denga la kuchipinda cha ana litayamba kudontha tinasintha malata awiri sabata isanathe. Zimenezi zimatheka chifukwa lendi imabwera pa nthawi yake. Lero kutawonongeka chinthu china chachikulu m'nyumbamo, ndingavutike kuchikonza msanga, ndipo ovutika nacho angakhale inu ndi ana omwe.

Tsono pempho langa ndi ili. Ndikufuna tionane kapena tilankhulane pasanadutse Loweruka pa 14 Juni. Madzulo aliwonse kuyambira 5 koloko ndimakhala ndili pakhomo, ndipo Loweruka ndimapezeka tsiku lonse. Mukakonda kuti ndibwere kwanu, ndiuzeni nthawi yomwe ana sakhalapo, ndibwera. Ngati kulankhula pamaso kukukulemerani, lembani uthenga kapena kalata, ndilandira.

Njira yabwino koposa ndi yoti mulipire miyezi iwiri yonse pasanadutse Lachisanu pa 20 Juni, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ndikudziwa kuti munthu amene wavutika kupeza lendi ya mwezi umodzi sangapeze ya miyezi iwiri pakamodzi mosavuta. Choncho ndine wokonzeka kuvomera kuti pofika pa 20 Juni mulipire lendi yonse ya Meyi, kenako ya Juni tiigawe patatu, gawo limodzi muziwonjezera pa lendi ya Julayi, lina pa ya Ogasiti, lomaliza pa ya Seputembala. Mukatsata ndondomeko imeneyi, pa 5 Seputembala mudzakhala mulibe ngongole ndi ine. Pangano lathu limandilola kuwonjezera chindapusa pa lendi yochedwa, koma ngati tigwirizana chimodzi pofika pa 14 Juni ndipo mukwaniritsa masiku omwe tapangana, chindapusacho sindikulipiritsani. Ngati muli ndi maganizo ena omwe mukuona kuti ndi omwe mungakwanitse, bwerani nawo. Ndi bwino mundiuze ndalama yochepa yomwe mudzabweretsedi kusiyana n'kulonjeza yambiri yomwe simungaipeze. Chilichonse chomwe tigwirizane tidzachilemba papepala, tonse awiri n'kusaina, aliyense n'kusunga lake.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndikufuna ndichinene poyera tisanakumane, chifukwa anthu ambiri amachiganizira zinthu zikafika apa. Dipoziti yomwe munapereka polowa si lendi, ndipo sindingaitenge kuti ilowe m'malo mwa mwezi wa Meyi kapena wa Juni. Ndalama imeneyo ndi yotetezera nyumba, yoti ikonzere zomwe zingapezeke zowonongeka tsiku lomwe mudzatuluke. Ikadyedwa lero, tsiku limenelo tidzasowa pogwira tonse awiri, ndipo ndi pomwe mikangano imayambira. Ili pomwepo, sindinaikhudze, ndipo idzawerengedwa motsatira pangano nthawi yake ikadzakwana.

Mwinanso zinthu zasintha kwambiri moti lendi ya nyumbayi simungaikwanitsenso ngakhale m'miyezi ikubwerayi. Ngati ndi choncho, musaope kundiuza. Palibe chochititsa manyazi kusamukira m'nyumba yocheperako mpaka zinthu zitabwerera m'malo. Tikhoza kugwirizana tsiku lotuluka lomwe lingakupatseni mpata wopeza malo ena, tikonze m'mene muzibwezera zotsalazo pang'onopang'ono, ndipo mwini nyumba wina akadzandifunsa za inu, ndidzamuuza zoona, kuti kwa zaka zitatu munali munthu wokhulupirika. Sindingakonde kuti muchoke. Koma zingandiwawe kwambiri kuona ngongole ikukula mwezi ndi mwezi mpaka kufika poti simungathenso kuibweza.

Tsopano ndinene mbali yovuta, ndipo ndikupempha kuti muimve bwino. Ngati pofika pa 14 Juni sindimva chilichonse kuchokera kwa inu, kapena pofika pa 20 Juni lendi ya Meyi sinalipiridwe ndipo palibe chomwe tagwirizana molemba, ndidzakupatsani notisi ya mwezi umodzi monga momwe pangano lathu likunenera. Notisiyo ndidzailemba pa 30 Juni, kutanthauza kuti mudzayenera kutuluka m'nyumbamo pofika pa 31 Julayi. Kutuluka sikudzafafaniza ngongole; lendi ya miyezi yonse yomwe mwakhalamo idzafunikabe, ndipo ikadzapanda kubwera ndidzakakamizika kukaitula nkhaniyi kukhoti. Sindikunena izi pofuna kukuopsezani. Ndikufuna mudziwiretu zomwe zidzachitike ndi masiku ake, kuti pasadzakhale chokudzidzimutsani. Pa 5 Julayi mwezi wachitatu ukhala utakwana, ndipo ine sindingathe kusenza miyezi itatu.

Ndikulonjezaninso izi: sindidzakhoma loko pachitseko chanu, sindidzakudulirani madzi kapena magetsi, sindidzagwira katundu wanu, ndipo sindidzalowa m'nyumba mwanu popanda kukudziwitsani. Nkhaniyi sindinauze anzanu a m'nyumba zinazo, ndipo sindiwauza. Kalatayi ndaiika mu envulopu yomata ndipo ndaibweretsa ndekha kuti isadutse m'manja mwa wina. Inenso ndasunga kope lake.

Polipira gwiritsani ntchito njira yomwe mwakhala mukugwiritsa ntchito nthawi zonse, kaya kutumiza ku akaunti ija kapena kundipatsa pamanja. Mukatumiza, mundidziwitse tsiku lomwelo kuti ndikulembereni lisiti yosonyeza mwezi womwe ndalamayo yalipira. Ndalama iliyonse yomwe ibwere ndiyamba kuiwerengera ku Meyi, popeza ndiye ngongole yakale.

Chonde, mukangowerenga kalatayi, nditumizireni uthenga ngakhale wa mzere umodzi wondiuza kuti mwailandira komanso tsiku lomwe tingaonane. Nambala yanga ndi yomwe ija, sinasinthe.

Mundiperekere moni kwa mayi.

Ine wanu,
Mwini nyumba