Pempho la kalata ya umboni wa ntchito

Dedza
6 Okutobala 2025

Mayi Nkhoma,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kunyumba. Ine ndili bwino. Ndine Chisomo Mbewe, ndinkayang'anira katundu kusitolo kwanu pa boma la Mchinji kuyambira mu Ogasiti 2019 mpaka mu Juni 2022. Ngati dzinali lakusokonezani, ndine uja munkamuti "wa kope lofiira".

Pepani kuti ndakhala chete nthawi yonseyi. Mayi anga amene ndinabwera kudzawadwazika aja anachira, tsopano akulima okha mbatata.

Ndalemba kuti ndikupempheni thandizo. Ndafunsira ntchito yoyang'anira nyumba yosungira mbewu ku kopaletivi ya alimi a soya ndi mtedza ku Kasungu, ndipo akufuna kalata ya umboni yochokera kwa munthu amene ndinagwirapo ntchito pansi pake. Amene anaona kagwiridwe kanga ka ntchito tsiku ndi tsiku ndinu. Ndinu munandiphunzitsa kuti lole ikafika ndi feteleza, ndisasaine pepala ndisanawerenge ndekha matumba onse, a NPK paokha, a Urea paokha, dalaivala afulumire chotani. Tsiku lina mu Novembala 2020 tinapeza kuti matumba 7 akusowa, ndipo munandiuza kuti ndilembe m'kope lija nthawi yomweyo, lole isananyamuke. Ku Kasunguko akufuna munthu wodziwa zomwezo: kuyeza pa sikelo, kulemba zolowa ndi zotuluka, ndi kuonetsetsa kuti mbewu zisanyowe kapena kufumbwa.

Kalatayo siyofunika kutalika. Tsamba limodzi ndi lokwanira, longonena nthawi imene ndinagwira ntchito kwanuko, ntchito imene ndinkagwira, ndi mmene munkaonera khalidwe langa. Ikhale ndi siginecha yanu ndi chidindo cha sitolo. Akuifuna pofika Lachisanu, pa 24 Okutobala. Mukhoza kungoijambula n'kunditumizira pa WhatsApp, kalata yeniyeniyo adzatenga mlongo wanga amene amakhala ku Kamwendo. Ndaphatikiza CV yanga ndi chidziwitso cha ntchitoyo kuti musavutike kukumbukira masiku.

Ndikudziwa kuti mwezi uno kusitolo sikukhala mpata, alimi ayamba kale kubwera kudzagula mbewu ndi feteleza mvula isanagwe. Ngati kulemba kungakuvuteni, iwo anati akhoza kungokuimbirani foni kwa mphindi zochepa, koma nambala yanu sindipereka musanandilole. Ndipo ngati simungathe, kaya chifukwa cha nthawi kaya pa chifukwa china, musadandaule ngakhale pang'ono. Mungondiuza sabata ino kuti ndikapemphe a Gondwe, amene anandiphunzitsa za maakaunti.

Mundiperekere moni kwa a Zulu, ngati akadali pa geti paja, ndi kwa Tadala, amene ndikhulupirira wamaliza Folomu 4 tsopano.

Zikomo kwambiri, Mayi.

Ine wanu,
Chisomo Mbewe