Wamva m'mimba ndi woopa chakudza: mlandu wa makina a AI

Mu Januwale 2020, apolisi a mumzinda wa Detroit ku Amerika anamanga bambo wina wakuda pakhomo pake, mkazi wake ndi ana ake awiri aakazi akuona. Mlandu wake unali woba mawotchi m'sitolo. Wapolisi atamuonetsa chithunzi cha wakubayo, bamboyo anachinyamula n'kuchigundika kutsaya kwake kuti aone okha kuti nkhope ziwirizo n'zosiyana. Anamuloza ndi makina ozindikira nkhope. Anakhala m'chitokosi maola pafupifupi 30.

Usiku wa pa 26 Sepitembala 1983, msilikali wina wa dziko la Soviet Union, Stanislav Petrov, anali pa ulonda kufupi ndi Moscow pamene kompyuta inalira kuti Amerika yaponya mizinga isanu ya nyukiliya. Iye anakayikira. Woyamba nkhondo yotere angaponye mizinga isanu yokha? Anauza akuluakulu kuti makina anama. Kunali kuwala kwa dzuwa pamitambo kumene kunapusitsa masatilaiti.

Ndayamba ndi anthu awiriwa chifukwa mkangano wa makina oganiza, amene dziko lawazolowera ndi dzina loti AI, wagawa anthu ophunzira pawiri, ndipo gulu lililonse lili ndi nkhani yake yokonda kusimba. Ena akuti tiyang'ane amene akuvulala kale. Ena akuti tiyang'ane tsoka limene silinagwe, koma likadzagwa sipadzatsala wolira maliro.

A gulu loyamba ali ndi mabala oonetsa. Mu 2018, akatswiri a makompyuta Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru anayesa mapulogalamu a makampani atatu ndi kupeza kuti pozindikira ngati nkhope ndi ya mwamuna kapena ya mkazi, pulogalamu yolakwitsa kwambiri inkaphonya amayi akuda oposa 34 mwa 100 alionse, pamene amuna oyera khungu sanafike ndi mmodzi yemwe mwa 100. Ku Netherlands, mabanja masauzande ambiri ananamiziridwa kuti abera boma ndalama zothandizira kulera ana, ndipo makina osankhira anthu okayikitsa ankayang'ananso ngati munthu ndi nzika ya dziko lina. Nduna zonse za boma la Mark Rutte zinatula pansi maudindo mu Januwale 2021. Mu Januwale 2023, magazini ya TIME inalemba za anthu a ku Kenya amene ankawerenga zolaula ndi zankhanza tsiku lonse kuti pulogalamu ya AI yotchedwa ChatGPT iphunzire kuzipewa, malipiro awo osakwana madola awiri pa ola. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine sindipeza njira yotsutsira anthu amenewa.

A gulu lachiwiri alibe bala loonetsa, ndipo mpamene alembi ambiri timawachitira nkhanza. Nditalemba nkhani ino koyamba, ndinapatsa mbali iliyonse tsamba limodzi n'kumadziyesa wolungama. Nditaiwerenga mmawa mwake ndinaona chinyengo changa: tsamba la ovulala linali ndi nkhope, zaka ndi ziwerengero, pamene tsamba linalo ndinalidzaza ndi maloboti a m'mafilimu. Ndinali nditagamula mlandu posankha mboni.

Mfundo yawo yeniyeni ilibe maloboti. Imati tikupanga makina amene ngakhale owapanga sadziwa bwinobwino zochitika m'kati mwake, tikuwaonjezera nzeru chaka ndi chaka, ndipo palibe amene waonetsa njira yotsimikizika yolamulira chinthu chokuposa nzeru. Geoffrey Hinton, mmodzi wa amene anayala maziko a luso limeneli, anachoka ku Google mu 2023 kuti azilankhula momasuka za ngoziyi. Pa 30 Meyi chaka chomwecho, iye, katswiri mnzake Yoshua Bengio ndi akuluakulu a makampani opanga AI anasayina chiganizo chimodzi choti kupewa kutha kwa mtundu wa anthu chifukwa cha makinawa kuikidwe pamzere umodzi ndi miliri komanso nkhondo ya nyukiliya. Pansi pa mantha amenewa pali ganizo limene katswiri wa filosofi Derek Parfit analemba mu 1984. Taganizani za zinthu zitatu: mtendere, nkhondo yopha anthu 99 mwa 100 alionse, ndi nkhondo yopha onse. Ambiri timati phompho lalikulu lili pakati pa choyamba ndi chachiwiri. Parfit anati lili pakati pa chachiwiri ndi chachitatu, pakuti onse akafa, mibadwo yonse yosabadwa yafera limodzi.

Wofuna kuti anthu amenewa abweretse umboni wonga wa ku Detroit akupempha chosatheka. Kutha kwa anthu sikungachitike kawiri kuti tikuwerenge. Chakudza sichiimba ng'oma. Komabe ali ndi funso lawo lowawa limene ayenera kuyankha: njira yochoka pa pulogalamu yolemba makalata kukafika pa imfa ya anthu onse imadutsa pati, sitepe ndi sitepe? Katswiri wa filosofi Toby Ord wa ku yunivesite ya Oxford analemba mu 2020 kuti mwayi woti AI ibweretse tsoka lotere m'zaka 100 zikubwerazi ndi umodzi mwa khumi. Iye mwini ananena poyera kuti uku n'kuyerekeza kwake. Kuika nambala imeneyi pambali pa 34 wa Buolamwini ngati kuti zonse zinayezedwa pa sikelo imodzi n'kunamiza wowerenga. Ndipo masamu ochulukitsa mwayi waung'ono ndi anthu osawerengeka a m'tsogolo ali ndi msampha, chifukwa angameze vuto lililonse la lero. Bambo wa ku Detroit uja amasanduka kadontho.

Pali mwala umodzi umene mbali zonse zimakonda kugendana nawo, ndipo ndaukana. Ena amati makampani amalalikira za kutha kwa dziko pofuna kutsatsa malonda awo ndi kuthawa milandu ya lero. Kukayikira kumeneku kuli ndi maziko, munthu wochenjeza za moto uku akugulitsa machesi tizimuyang'anitsitsa. Koma Hinton anachita kusiya ntchito, ndipo Bengio ndi mphunzitsi wa ku yunivesite ya Montreal. Cholinga cha wolankhula chimatiuza kuti tifufuze mosamala, sichitiuza ngati zimene wanenazo n'zabodza. Nawonso opeputsa mabala a lero kuti ndi timavuto tating'ono ndimawafunsa ngati anagonapo m'chitokosi pa mlandu wa munthu wina.

Ndikayeza, ndimapeza kuti mbali ziwirizi zimayendera limodzi mtunda wautali kuposa mmene zimavomerezera. Petrov anakayikira makina, apolisi a ku Detroit sanakayikire. Mu 2024 mzindawo unagwirizana ndi bambo uja kuti apolisi asamamangenso munthu potsamira pa makina a nkhope okha. Lamulo loti munthu azitha kukana zonena za makina, loti akunja aziloledwa kuyesa makinawo asanatulutsidwe, loti kampani iziyankha mlandu makina ake akavulaza munthu, zonsezi zimathandiza mayi wa ku Netherlands komanso wodera nkhawa adzukulu.

Polekana njira ndi apa. Petrov anakana kompyuta yopusa kuposa iye. Ngati makina adzafike pochenjera kuposa mlonda wake, lamulo la ku Detroit silidzakwana, ndipo pamenepa oopa chakudza ali ndi gawo lawolawo limene sindingalipereke kwa anzawo. Choncho mphamvu za malamulo ndi makhoti ndikanazipereka choyamba kwa ovulala kale, chifukwa tikudziwa wolakwa ndi mankhwala ake. Ndalama za kafukufuku wolamulira makina amphamvu ndikanazipatula padera, zosakhudzidwa, ngati chimanga cha mbewu. Chimene chingandisinthe maganizo ndi kuona makina akupusitsa owayesa mobwerezabwereza kunja kwa chipinda choyesera, pa ntchito zenizeni. Zikatero ndidzabwerera ku ndime ino n'kusintha magawidwe ake.